Manja a mlaliki saoneka pa wailesi

Mwezi watha, Lachiwiri lina madzulo, ndikuchonga mayeso a ana a Fomu 3 pakhonde, panafika mkulu wa mpingo wathu akukankha njinga. Ndi bambo achikulire, odziwika dera lonse lino pa nkhani yolalika. Akaima pa guwa ngakhale ana oyamwa amakhala chete. Koma tsiku limenelo nkhope yawo inali yakugwa.

"Aphunzitsi, tamverani ichi," anatero akundipatsa foni.

Wailesi ya m'dera lathu inali itapereka mphindi 15 kwa mpingo wathu Lamlungu lililonse m'mamawa, ndipo abusa anasankha bambowa kuti ayambe. Iwo anatenga ulaliki wawo wa mwana wolowerera, wa pa Luka 15, womwe unaliza anthu m'tchalitchi, nakaujambulitsa mmene unalili. Mkonzi wa pologalamu anawabwezera ndi mawu ochepa: ndi wautali, komanso sukumveka.

"Sukumveka bwanji, poti mawu anga ndi omwewo?" anandifunsa.

Ndinamvera ulalikiwo nditatsinzina, ndipo pasanathe mphindi zitatu ndinasokera. Ine amene ndinalipo m'tchalitchi tsiku lomwe unalalikidwa, ndinalephera kudziwa amene akuthamanga ndi amene akuthamangiridwa. Mawu analidi omwewo, koma theka la ulalikiwo linali m'manja, m'maso ndi m'mapazi a mlaliki, ndipo zimenezo foni sinajambule. Tinakhala madzulo atatu tikuukonza. Sabata ino ndikufuna ndikufotokozereni zimene tinachita, chifukwa masiku ano mawailesi a m'madera ndi a mipingo achuluka, ndipo alaliki ambiri akulowa m'situdiyo ndi ulaliki wa pa guwa.

Tinayamba ndi masamu. Mphindi 15 si zonse za mlaliki. Kanyimbo kotsegulira ndi moni zimadya mphindi imodzi. Kuwerenga Mawu kumatenga mphindi ziwiri. Nyimbo ya kwaya ikufuna zitatu, pemphero ndi kutsanzika imodzi. Zotsala ndi mphindi 8 basi. Ulaliki wa bambowa m'tchalitchi unatenga mphindi 45.

Kenaka ndinawapempha kuti awerenge tsamba limodzi mofatsa, mmene angayankhulire ndi mlendo, ine ndikuyang'ana wotchi. Anawerenga mawu pafupifupi 100 pa mphindi. Mawu a Chichewa ndi aatali, taganizani liwu ngati "anamuthamangira" lili ndi maphatikizo 7, choncho musatengere liwiro la anthu owerenga nkhani m'Chingerezi. Aliyense adziyeze yekha. Kwa bambowa, mphindi 8 zinatanthauza mawu 800, omwe pa malembedwe awo ndi masamba anayi a kope. Nditawauza, anagwira pakamwa.

"Masamba anayi? Amenewo ndi mawu oyamba chabe, aphunzitsi."

Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Amaganiza kuti njira yake ndi kuyankhula mothamanga kuti zonse zilowe, kapena kudula pang'ono pang'ono mfundo iliyonse. Zonse ziwirizi zimapha ulaliki. Wothamanga samveka, ndipo mfundo zisanu zodulidwa miyendo siziyenda. Njira yake ndi kusankha mfundo imodzi, zinazo n'kuzisungira tsiku lina.

Ulaliki wa pa guwa unali ndi mfundo zisanu: mwano wa mwana wopempha chuma bambo ake akadali moyo, kuipa kwa magulu, njala, chikhululuko cha bambo, ndi nsanje ya mkulu wake. Ndinawafunsa kuti, "Bambo, munthu atazimitsa wailesi n'kukumbukira chinthu chimodzi chokha, mukufuna chikhale chiti?"

Anakhala chete kanthawi. Kenaka anati, "Kuti amene anathamanga ndi bambo, osati mwana."

Chiganizo chimenecho tinachilemba pamwamba pa tsamba loyamba, ndipo chinakhala muyeso wathu. Chilichonse chosathandiza mfundo imeneyo chinatuluka. Mkulu wake wansanje, amene nkhani yake imayambira pa ndime 25, tinamusungira Lamlungu linalo. Motero kuwerenga kunathera pa ndime 24 m'malo mwa 32, ndipo kunakwana m'mphindi ziwiri zija. Bambowa zinawapweteka kusiya gawo la magulu oipa, chifukwa m'tchalitchi ndi pamene achinyamata anaseka kwambiri. Koma ulaliki wa pa wailesi uli ngati katundu wa panjinga: ukachulutsa, sufika.

Titatha kusankha, tinayamba kusaka malo onse amene thupi linkagwira ntchito ya mawu. Ndinatenga cholembera chofiira, ndipo tinamvera foni ija pang'ono pang'ono, ndikulemba liwu lililonse lofuna maso. Mawu ake ndi awa: uyu, uyo, apa, apo, chonchi, chotere, mpaka umu, mwaona. M'mphindi 10 zoyambirira tinapeza oposa 20.

Pena bambowa anati, "Anatenga chuma chochuluka chonchi." M'tchalitchi anatambasula manja onse awiri, ndipo tinaona mulu wake. Pa wailesi "chonchi" ndi liwu lopanda kanthu mkati. Tinalemba kuti mnyamatayo anatenga gawo lake lonse, osasiya ndi nkhuku yomwe. Pena anati, "Anaonda mpaka umu," akugwira nthiti zawo. Tinalemba kuti nthiti zake zinkawerengeka. Pena anaponda pansi katatu kusonyeza nkhalamba ikuthamanga, anthu n'kuseka. Mu foni munangomveka phokoso ngati tebulo lagwa. Lamulo lake ndi lapafupi: chimene dzanja linaonetsa, pakamwa pachitchule.

Chichewa chili ndi chuma chothandiza pamenepa, chomwe ndi mvekero. Ukati mnyamata anangoti khuma pansi pa mtengo, kapena kuti m'thumba munali mbee, khutu limaona. Mvekero umodzi woikidwa pamalo pake umalowa m'malo mwa nkhope ndi manja. Koma usachuluke, chifukwa ulaliki ungasanduke nthano ya madzulo.

Palinso zinthu zina ziwiri za m'tchalitchi zimene sizilowa m'situdiyo. Choyamba ndi kuyankha kwa mpingo. Bambowa ali ndi chizolowezi chosiya liwu pakati kuti anthu alimalize, komanso chofunsa kuti, "Tili limodzi?" M'situdiyo palibe woyankha, ndiye funsolo limangogwera pansi. Chachiwiri ndi kukhala chete. Pa guwa mlaliki atha kungoima masekondi 10 akuyang'ana anthu, ndipo chetecho chimalasa mtima. Pa wailesi, chete wa masekondi asanu womvera amayamba kugwedeza wailesi poganiza kuti mabatire atha, kapena amapotokola kufuna siteshoni ina. Kupuma kulipo ndithu, koma kwa kamphindi kokoka mpweya kamodzi kapena kawiri.

Tsiku lachiwiri tinalimbana ndi ziganizo, ndipo apa ndi pamene ndinapeza chomwe chinandisokeretsa. Tamverani chiganizo ichi, mmene ndinachikopera kuchokera mu foni:

"Tsono abale, iye uja atapita kuja kumene anakamwaza zonse zija zimene anamupatsa, njala itagwa, poona kuti palibe womuthandiza, anaganiza zobwerera, ndipo atamuona anamuthamangira namukumbatira chonchi, mwaona?"

Mawu 26 pa mpweya umodzi. Koma vuto lalikulu si kutalika. Funsani: anamupatsa ndani? Atamuona ndani? Anathamanga ndani? M'Chichewa mneni wonena za munthu amayamba ndi "a-", kaya munthuyo ndi bambo, kaya ndi mwana, kaya ndi anthu ambiri, kaya ndi mmodzi wopatsidwa ulemu. "Anamuthamangira" angakhale bambo kuthamangira mwana, angakhalenso mwana kuthamangira bambo. M'tchalitchi panalibe wosokera, chifukwa mlaliki akanena za bambo ankaima kumanja kwa guwa atawerama ngati nkhalamba, akanena za mwana ankapita kumanzere. Mapazi ake ndi amene ankatiuza mwini mneni. Pa wailesi mapaziwo kulibe, ndiye mfundo yaikulu ya ulaliki wonse, yoti wothamanga anali bambo, inasowa m'kaliwu kamodzi.

Ana anga kusukulu ndimawaphunzitsa kuti asabwereze dzina m'chimangirizo, agwiritse ntchito mlowam'malo. Pa wailesi lamulo limenelo limatembenuka. Tchulani dzina mobwerezabwereza, makamaka nthawi iliyonse wochita akasintha. Amene munakula mukumvera masewero a pa MBC monga Kapalepale ndi Pamajiga mukukumbukira kuti m'sewero la pa wailesi anthu amaitanana maina pafupipafupi kuposa mmene timachitira pakhomo. Si kulakwitsa kwa olemba. Ndi njira yokuuzani amene walowa ndi amene akuyankhula.

Chiganizo chija tinachiphwanya motere:

"Mnyamata uja ndalama zinamuthera. Njala inagwa m'dzikomo. Womugawira chakudya panalibe. Mnyamata anati, basi, ndibwerere kwathu. Tsono tiyeni kumudzi. Bambo ake ali pakhomo. Bambo akukweza maso, akuona munthu kutali, nsanza zokhazokha. Koma mayendedwe akuwadziwa. Nkhalamba dzambatu! Liwiro! Mwamva bwino: amene anathamanga ndi bambo, osati mwana."

Onani zinthu zitatu. Chiganizo chilichonse chanyamula ganizo limodzi. Wochita watchulidwa poyamba. Ndipo pamene nkhani ikuchoka kudziko lakutali kupita kumudzi, tanena poyera kuti "tiyeni kumudzi," chifukwa womvera saona mlaliki akusuntha.

Njira yodziwira chiganizo chotalika ndi mpweya. Werengani mokweza. Mukakoka mpweya musanafike pa mpumiro, chiganizocho chiduleni. Malo odula amadzionetsa okha: ndi pamene pali "amene," "kumene," "zimene," "poona kuti" ndi "ndipo." Mawu amenewa ali ngati mfundo za nzimbe, mpeni umalowa pomwepo. Wowerenga nyuzipepala ino akasokera amabwerera mzere wam'mwamba. Womvera wailesi alibe kobwerera. Akataya mutu wa chiganizo, wataya chonse, ndipo pamene akuganiza chomwe wataya, chiganizo chotsatira chamudutsanso.

Koma ndikuchenjezeni. Tsamba loyamba tinalidula mopitirira, mpaka bambowa powerenga ankamveka ngati mwana wa Sitandade 2. Iwo anaima n'kunena kuti, "Aphunzitsi, uyu si ine." Ananena zoona. Ziganizo zazifupi zokhazokha zimagogoda ngati mtondo. Tinabwezeramo zina zapakatikati, za mawu 12 kapena 15, makamaka pamene mlaliki akufotokoza tanthauzo, n'kusiya zazifupi kwambiri pamene nkhani ikuthamanga. Miyambi yawo ndi mawu awo okondedwa tinawasiya. Cholinga si kusandutsa mlaliki kukhala wowerenga nkhani.

Tsiku lachitatu tinamanga ulaliki wonse. Funso lotitsogolera linali lakuti, kodi akumvera ndani, ndipo akutani? M'tchalitchi anthu akhala pansi, abwera dala, ndipo sangatuluke popanda manyazi. Womvera wailesi ali yekha kapena ndi banja lake. Akusesa, akukoleza moto, akusambitsa mwana, akupalasa kabaza. Wina watsegula wailesi ulaliki uli pakati. Wina si wa mpingo wanu, mwinanso si Mkhristu. Wina ali gone pa mphasa, akudwala.

Zimenezi zinasintha zinthu zingapo. Choyamba, "abale ndi alongo nonse mwadzaza muno" inachoka. Bambowa anayamba kuyankhula ndi munthu mmodzi: "inu amene mukundimvera." Liwu la "inu" ndi labwino chifukwa limalemekeza mmodzi komanso limakwana ambiri. Chachiwiri, tinachotsa zonse zodziwika kwa a mpingo wathu okha, monga "mukukumbukira zija zinachitika ku msonkhano wa chaka chatha." Chachitatu, ndipo ichi n'chofunika kwambiri, tinachotsa chitsanzo cha mnyamata wina wa m'mudzi mwathu amene anagulitsa munda wa makolo ake. M'tchalitchi sanamutchule dzina, koma aliyense anamudziwa. Pa wailesi chitsanzo chotero chimafika maboma angapo, chimafikanso m'nyumba ya mayi ake. Mawu a pa wailesi akatuluka sabwezeka, ndipo angathe kuika siteshoni pa mlandu.

Mamangidwe ake anakhala otere. Mphindi yoyamba, funso logwira munthu: kodi kwanu kuli wina amene anachoka, ndipo mukamva galimoto yaima pamsewu mumasuzumira? M'dera lathu, kumene nyumba zambiri zili ndi mwana ku Joni amene foni yake inasiya kugwira, funso limenelo silifuna kumasulira. Pomwepo mlaliki ananena kumene tikupita: lero tiona chinthu chimodzi, kuti wothamanga anali bambo. Mphindi zitatu zotsatira, nkhani ija m'mawu ake. Kenaka mphindi zitatu za tanthauzo, mbali ziwiri zotchulidwa poyera: "choyamba, kwa inu amene munachoka," kenaka "chachiwiri, kwa inu amene mukudikira." Mphindi yomaliza, kubwereza mfundo ija ndi chinthu chimodzi choti womvera achite.

Mfundo yaikulu inamveka kanayi m'mawu omwewo: poyamba, pakutha pa nkhani, pakati pa tanthauzo, ndi pomaliza. Pa pepala zimaoneka ngati kubwereza kotopetsa, koma khutu limakondwa nako, ndipo amene watsegula mochedwa amapeza pogwira. Pa chifukwa chomwecho tinachotsa "monga ndanena kale," poti kwa wobwera mochedwa palibe chomwe mwanena kale. M'malo mwake, pakati pa ulaliki tinaikapo chiganizo chimodzi chokumbutsa kuti tili pa Luka 15, nkhani ya mnyamata amene anachoka kwawo.

Malemba enanso tinawachepetsa. Pa guwa bambowa anatchula malo 9 a m'Baibulo, anthu akutsegula masamba. Mayi amene manja ake ali m'madzi otsukira mbale sangatsegule kanthu. Tinasiya Luka yekha, ndipo buku, mutu ndi ndime anazitchula kawiri mofatsa. Tinakambirananso za Baibulo lowerenga. Bambowa anakulira Buku Lopatulika, lomwe linatuluka mu 1922, ndipo mawu ake ali m'magazi mwawo. Buku Loyera, la mu 1998, lili m'Chichewa chapafupi ndi chomwe timayankhula lero. Anasankha kuwerenga lomwe analizolowera, kuti lilime lisapunthwe, koma pofotokoza nkhani anagwiritsa ntchito mawu a tsiku ndi tsiku. Liwu lililonse lakale lomwe mdzukulu wawo sakanalimva, analimasulira pomwepo.

Zotsala zinali za pepala ndi maikolofoni. Tinalemba zilembo zikuluzikulu, kudumpha mzere, mbali imodzi yokha ya pepala, ndipo chiganizo chilichonse chinathera pa tsamba lomwe chayambira. Mapepala sitinawamange, kuti lomwe latha alikankhire pambali mwakachetechete, chifukwa maikolofoni imakweza kukhwekhwereza kwa pepala kuposa mmene khutu limamvera. Tinadula mzere kunsi kwa mawu ofuna kutsindika. Tinaikanso chizindikiro pa mawu amene kalembedwe kake ndi kamodzi koma katchulidwe n'kosiyana, monga mtengo wokhala pansi pake ndi mtengo wogulira chinthu, chifukwa munthu wamantha akuwerenga amatha kukweza liwu polakwika.

Mkonzi uja anawauza kuti pakamwa patalikirane ndi maikolofoni ngati chikhatho chotambasula, ndipo ailoze cham'mbali pang'ono, chifukwa mawu okhala ndi "ph," monga phiri ndi mphamvu, amaponya mpweya womwe umaphulika m'makina. Anawaletsanso kukuwa ndi kumenya tebulo. M'tchalitchi chopanda zokuzira mawu, kukuwa kumafikitsa uthenga ku benchi yakumbuyo. Mu situdiyo benchi yakumbuyo kulibe, ndipo mawu okuwa amasweka n'kumveka ngati chitini. Pofika pa chimake, bambowa anaphunzira kutsitsa mawu m'malo mokweza.

Tisanapite ku situdiyo tinayesa ntchito yathu. Mayeso ake aliyense angawachite. Tinajambula ulaliki pa foni, n'kukaiika pa zenera la kukhitchini kumene mayi a kunyumba kwanga ankaphika. Sitinawauze kuti amvetsere mwachidwi, anangopitiriza ntchito yawo. Utatha ndinawafunsa mafunso atatu: Nkhani yake inali yotani? Mfundo yake inali iti? Ndi pati pamene munasokera? Awiri oyamba anayankha bwino. Pa lachitatu anati sanamve ngati mphete anaveka mwana kapena bambo. Tinakayang'ana pepala, ndipo zoonadi, "anamuveka" wina anali atatipulumuka. Musayese ndi munthu amene anamva kale ulalikiwo m'tchalitchi, chifukwa iye amadzaza mipata ndi zomwe anaona. Musayesenso ndi munthu wokuopani.

Sindikunena kuti palibe chomwe chinatayika. Kuseka kwa mpingo, amayi oyambitsa nyimbo pakati pa ulaliki, maso a mlaliki akukumana ndi ako, zonsezi wailesi singanyamule, ndipo ulaliki wa mphindi 8 sulowa m'malo mwa kusonkhana. Ulaliki wa pa guwa uja sunali wolakwika. Unali wa malo ake.

Lamlungu lomwe unaulutsidwa, ndinaumvera kunyumba ndikusita malaya. Unatha masekondi 20 nthawi isanakwane. Madzulo ake bambowa anadutsanso pakhomo, nandiuza kuti popita kutchalitchi anakumana ndi mayi wina wa mpingo wina, amene anawaimitsa panjira. Mayiyo sanayamikire mawu awo kapena luso lawo. Anangoti, "Abambo, ndamva. Wothamanga anali kholo." Kenaka anafunsa ngati n'koyenera kuti iye ayambe kuimbira foni mwana wake, ngakhale wolakwa ndi mwanayo.

Bambowa anatulutsa kope m'thumba la jekete, naliika pa mulu wa mayeso anga.

"Aphunzitsi, uyu ndi mkulu wake wansanje uja. Masamba anayi. Cholembera chofiira chija chili pati?"